Botolo lopanda dzina kaye, lebulo yanu pambuyo: mafunso ndi mayankho

Ntchito yanga pano pa Dedza boma ndi yokonza malebulo ndi zithunzi zotsatsira malonda. Amene amabwera kawirikawiri ndi amayi opanga chiponde, anyamata a tsabola wa kambuzi ochokera ku Lizulu, ndi alimi a njuchi. Chiyambireni kumveka kuti mapulogalamu a AI amatha kujambula chithunzi ukangowalembera mawu, ambiri amafika atayesa kale okha pa foni. Chimene amandionetsa chimakhala chofanana: botolo lokongola zedi, koma dzina la malonda awo litapindika ngati walemba ndi mwana wa sitandade 1.

Njira imene ine ndimatsata ndi yopempha makinawo kuti ajambule botolo lopanda dzina, lokhala ndi pepala loyera kutsogolo, kenako lebulo yeniyeni ndimaiika ndekha pokonza chithunzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza. Chitsanzo changa chikhala chimodzi, botolo la uchi la magalamu 500 la gulu lina la alimi cha ku Linthipe, chifukwa ndi limene linandiphunzitsa zambiri.

Achimwene, bwanji osangouza makinawo kuti alembe dzina la uchi wanga pomwepo?

Chifukwa makinawa salemba monga mmene kompyuta imalembera kalata. Amajambula chooneka ngati zilembo, potengera zithunzi zambirimbiri zimene anaphunzirirapo. Mapulogalamu atsopano amayesetsa ndithu, ndipo mawu awiri kapena atatu akuluakulu amatha kutuluka bwino. Koma lebulo si dzina lokha. Pali nambala ya foni, kulemera kwa katundu, tsiku lothera ntchito, malo amene uchiwo wachokera, ndi logo imene munalipira munthu kuti akukonzereni. Tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timasokonekera. Nambala 8 imasanduka 3, kankhodolero ka mawu ngati "m'nkhalango" kamasowa, ndipo logo imatuluka yofanana ndi yanu koma isali yanu.

Nambala ya foni ikalakwika pamodzi pokha, kasitomala wa ku Lilongwe aimbira munthu wina, inu n'kumadabwa kuti bwanji foni ili zii chonsecho chithunzi chayenda m'magulu onse.

Palinso china. Lebulo imasintha. Lero mwasintha nambala, mawa mwawonjezera botolo la kilogalamu imodzi. Botolo likakhala palokha, lebulo payokha, mumangochotsa yakale n'kuikapo yatsopano. Zikakhala kuti makina anajambula zonse pamodzi, ndiye kuti muyambirenso, ndipo botolo lachiwiri silidzafanana ndi loyamba.

Nanga ndikawapatsa chithunzi cha lebulo yanga kuti angoimata pa botolo?

Mapulogalamu ambiri amalola zimenezo, ndipo mukayang'ana patali zimaoneka ngati zatheka. Kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri muwerenge mzere uliwonse. Nthawi zambiri makinawo samata lebulo yanu, amaijambulanso mwa iwo okha, ndiye vuto lija limabwerera pa timawu ting'onoting'ono. Ine ndimagwiritsa ntchito njirayi pofuna kungoona ngati mitundu ikugwirizana, osati pa chithunzi chopita kwa anthu.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi rula, musanagule n'komwe bandulo. Tengani botolo lenileni limene mumagulitsiramo, muliyeze. La ku Linthipe lija ndi la pulasitiki yoonekera mkati, m'mbali mwake ndi mowongoka, chivindikiro ndi chachikasu chopotokola. M'lifupi ndi masentimita 7, kutalika pamodzi ndi chivindikiro ndi masentimita 11. Lebulo yake ndi masentimita 8 chopingasa, masentimita 6 choimirira.

Makina sasamala kwenikweni za masentimita, chifukwa m'chithunzi mulibe rula. Chimene amamvako ndi kufananitsa. Gawani 11 ndi 7, mupeza pafupifupi 1.6, kutanthauza kuti botololi kutalika kwake ndi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi m'lifupi. Mawu amenewo ndi amene alowe m'malangizo.

Muyang'anenso mtundu wa uchi wanu, mutaunyamula pa dzuwa. Mukangolemba kuti uchi, makina amakupatsani wowala ngati mafuta ophikira. Uchi wa alimi anga ndi woderapo, wofiirira, ndipo mwezi wa Juni kuno kukazizira umalimba. Mtunduwo muutchule.

Tsono malangizowo mumawalemba bwanji?

Awa ndi amene ndinagwiritsa ntchito, ndipo mutha kuwakopera n'kusinthamo zogwirizana ndi botolo lanu:

```
Product photo of one clear plastic jar of dark amber honey,
straight sides, 1.5 times as tall as it is wide,
flat yellow screw lid,
blank white matte paper label on the front,
camera level with the label, straight-on view,
soft window light from the left, plain wooden table,
blurred background, vertical 4:5
```

Mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimaoneka nthawi yoika lebulo.

Mizere itatu yoyamba ikungofotokoza botolo monga mmene rula ndi maso zatiuzira. Mawu akuti `one` musawaiwale. Mukawasiya, makina amakonda kudzaza tebulo ndi mabotolo atatu kapena anayi, ena atabisala kumbuyo kwa anzawo, ndipo lililonse lidzafuna lebulo yake yopindidwa mwa njira yake.

Mzere wachinayi ndiwo mtima wa nkhani yonse. `blank` akutanthauza kuti papepalapo pasalembedwe kanthu. `white` ndi woyera. `matte` ndi pepala losanyezimira. Pepala lonyezimira limabwera ndi chimzere chowala chodutsa pakati penipeni, pamene dzina lanu liyenera kukhala, ndipo kuchotsa chimzerecho ndi ntchito ya ola lathunthu.

Mzere wachisanu ukunena pamene kamera yaima. Taganizirani mutagwada kuti maso anu alingane ndi pakati pa botolo lili patebulo. Mizere ya m'mwamba ndi m'munsi mwa lebulo imaoneka yowongoka kapena yopindika pang'ono chabe. Mukaimirira n'kuliyang'ana kuchokera pamwamba, mizere ija imapindika ngati kamwa la munthu womwetulira, ndipo botolo limaoneka lochepa kumunsi. Zithunzi zojambulidwa chapamwamba kapena cham'mbali zimakopa maso, sindikana, koma munthu amene akungoyamba asadziputire zimenezo. Lebulo yoika pa botolo loyang'ana kutsogolo imatenga mphindi zochepa, pomwe ya botolo lopendekeka imatha kukudyerani tsiku.

Kuwala ndapempha kofewa, kochokera pa windo la kumanzere. Kuwala kotere kumasiya mbali imodzi ya pepala yowala, ina yoderako pang'onopang'ono, ndipo mthunzi umenewu ndi umene udzachititse lebulo yanu kuoneka kuti yazunguliradi botolo. Ndatchulanso mbali kuti ndidziwiretu kumene mthunzi udzagwere.

`4:5` ndi kaimidwe ka chithunzi, choimirira pang'ono, chimene chimakhala bwino pa Facebook ndi pa Instagram. Ngati ndi cha sitetasi ya pa WhatsApp, lembani `9:16`. Mapulogalamu ena sawerenga nambalayi m'malangizo, ali ndi batani lake losankhira, ndiye muyang'ane.

Muona kuti sindinatchule maluwa, njuchi zouluka, zisa kapena kamtengo kotungira uchi. Chilichonse chimene mwawonjezera chimatha kugwera kutsogolo kwa pepala loyera lija, kapena kuponya mthunzi wake pamenepo. Ngati mukuzifunadi, nenani kuti zikhale kumbuyo kapena kumbali, kutali ndi botolo.

Ndinalemba kuti pasakhale logo, pasakhale mawu, koma zikubwerabe. Ndalakwitsa pati?

Mayi wina wa chiponde wa ku Bembeke anandionetsa malangizo ake, atalembamo kasanu konse kuti safuna dzina, safuna logo, safuna zilembo. Zithunzi zonse zinayi zinabwera ndi zilembo. Anachita kugwira pakamwa, amvekere, "Achimwene, kodi makinawa ndi a makani chonchi?"

Si makani. Mapulogalamu ambiri ojambula amagwira kwambiri mayina a zinthu zimene mwatchula kusiyana ndi mawu okanira. Mukatchula logo kasanu, mawu amene amveka kwambiri m'malangizo anu ndi logo. Komanso pafupifupi botolo lililonse limene makinawo anaona pophunzira linali ndi zolemba, choncho kwa iwo botolo ndi zolemba zimayendera limodzi.

Mankhwala ake ndi kunena chimene mukufuna chikhalepo, osati chimene simukufuna. M'malo mokana zilembo, fotokozani pepalalo: `blank`, `plain`, `unprinted`, `empty white label`. Mawu ena amene amathandiza ndi `mockup`, chifukwa zithunzi zotchedwa dzina limeneli pa intaneti zambiri ndi za katundu wopanda zolemba, wodikira kuti wina aikepo zake. Mayi aja titachotsa kukana konse n'kulemba `blank label mockup`, zithunzi zitatu mwa zinayi zinabwera zoyera.

Pali mapulogalamu amene ali ndi malo akeake olembapo zosafunika, ndipo pamenepo kukana kumagwira ntchito. Mu Stable Diffusion ndi bokosi lolembedwa `Negative prompt`. Mu Midjourney mumawonjezera kumapeto kwa malangizo motere:

```
--no text, logo, lettering, barcode --ar 4:5
```

Kukatsala kachilembo kamodzi pakona pa pepala, musataye chithunzi chabwino chifukwa cha iko. Kamafufutika pokonza, mwinanso lebulo yanu ikaphimba.

Kodi sindingalembe malangizowa m'Chichewa?

Mutha kuyesa, ndipo mapulogalamu ena amamva ndithu kuti mukunena za botolo la uchi. Pamene amaphonya ndi pa timawu tofunika tija, monga pepala losanyezimira kapena kamera yolingana ndi lebulo. Panopa ine ndimaganiza m'Chichewa, n'kulemba m'Chingerezi chachidule. Sichifunika kukhala Chingerezi cha kusukulu, mawu olekanitsidwa ndi makoma akwanira.

Chabwino n'chiti, botolo lokhala ndi pepala loyera kapena lopanda chilichonse?

Ngati lebulo yanu ndi ya pepala kapena sitika yosaonekera mkati, pemphani pepala loyera. Chifukwa chake ndi ichi. M'mapulogalamu okonzera zithunzi, monga Photopea, GIMP ndi Photoshop, chithunzi chimakhala m'maleya, ngati mapepala osanjikizana. Leya ya pamwamba mutha kuiuza mmene isakanikirane ndi ya pansi. Mukasankha `Multiply`, paliponse pamene pansi pali poyera mbee, lebulo yanu imaoneka monga mmene ilili, ndipo pamene pansi pali mthunzi, lebulo imadera molingana ndi mthunziwo. Ndiye kuti mthunzi wonse umene makina anajambula pa pepala loyera umalowa mu lebulo yanu popanda inu kujambula kalikonse.

Yesani zomwezo pa botolo lopanda pepala, lodzaza uchi woderapo. Lebulo yonse imasanduka yofiirira, zilembo zakuda n'kumira. Pamenepo mumakakamizika kusiya leya pa `Normal` n'kujambula mthunzi pamanja, zimene zimafuna dzanja lozolowera.

Botolo lopanda chilichonse ndimalipempha pokhapokha lebulo yeniyeni ili ya pulasitiki yoonekera, kapena yodulidwa mozungulira ngati dzira, chifukwa makina sakhoza kujambula pepala lofanana ndendende ndi kadulidwe kanu.

Kanthu kena kamene ndinaphunzira mochedwa: pepala loyeralo ndi bwino lichepeko kusiyana ndi lebulo yanu, lisakule. Likachepa, mumalidula, kulikopera pa leya yake, n'kulikoka mpaka lifike pa muyeso. Palibe angadziwe kuti lakokedwa poti palibe cholembedwa choti chipindike. Likakula, m'mbali mumatsala zoyera zimene pa botolo lenileni palibe, ndipo kuti muzichotse muyenera kujambulanso uchi pamalopo.

Botolo langa limafanana ndi la kampani ina yodziwika. Ndingatchule dzina lake kuti makina amve msanga?

Musatero. Dzina la kampani limabwera ndi zake zonse, mitundu yake, kalembedwe kake, ngakhale zidutswa za logo yake zitamwazika pa chivindikiro ndi pagalasi. Mukatero mwabwerera ku vuto limene timathawa, kuwonjezera apo mwaika chizindikiro cha eni ake pa malonda anu. Fotokozani maonekedwe okha: khosi lalifupi kapena lalitali, mapewa ozungulira kapena akuthwa, chivindikiro chopyapyala kapena chokhuthala.

Njira yachidule kuposa zonse ndi kujambula botolo lanu lenileni ndi foni, mutamatapo pepala loyera lodulidwa pa muyeso wa lebulo, n'kulipereka ngati chitsanzo m'pulogalamu imene imalola kutero. Ndinenenso poyera kuti ngati chithunzi cha foni chimenecho chatuluka bwino, pafupi ndi windo m'mawa dzuwa lisanakwere, mwina makina mungowafunira kusintha zakumbuyo basi.

Zabwera zithunzi zinayi. Ndisankhe chiti?

Osathamangira chokongola. Ine ndimayamba ndi kuyeza pa sikirini pomwepo, kutalika kugawa ndi m'lifupi, kuona ngati zikuyandikira 1.6 uja. Pa uchi wa ku Linthipe, chithunzi chokongola kwambiri chinali ndi botolo lalifupi, lonenepa, ngati la mafuta odzola, ndipo ndinachisiya.

Kenako ndimayang'ana chivindikiro. Pamwamba pake pakamaoneka ngati mbale yotambalala, kamera inali m'mwamba, ndipo lebulo idzafuna kupindidwa kwambiri. Pakamaoneka ngati kamzere kopyapyala, zili bwino. Ndimayang'ananso ngati makona anayi onse a pepala akuoneka, ngati mbali ziwiri za botolo zikulingana, ndiponso ngati mthunzi wa patebulo ukugwera kumanja pamene kuwala kwachokera kumanzere. Makina nthawi zina amaika kuwala ndi mthunzi mbali imodzi, ndipo munthu woona amangomva kuti china chake sichili bwino osadziwa kuti n'chiyani.

Pomaliza kulitsani chithunzi muone pagalasi, pa chivindikiro ndi kumbuyo. Timalemba tabodza timakonda kubisala kumeneko.

Lebuloyo mumaiika bwanji kuti izungulire botolo?

Apa m'pamene ambiri amagwa, choncho ndifotokoza pang'onopang'ono. Ndigwiritsa ntchito Photopea, chifukwa ndi yaulere ndipo imatseguka pa intaneti popanda kuika pulogalamu m'kompyuta.

Choyamba, pezani fayilo yeniyeni ya lebulo kwa amene anakukonzerani, ya PNG kapena PDF. Musajambule lebulo yosindikiza kale ndi foni, ndipo musalandire yotumizidwa ngati chithunzi wamba pa WhatsApp, chifukwa imafika itafinyidwa. Auzeni atumize ngati `Document`.

Tsopano masamu pang'ono, osaopsa. Botolo la masentimita 7 m'lifupi, mukalizunguliza chingwe, chingwecho chimakwana masentimita 22. Maso amaona theka lokha, masentimita 11, koma thekalo limaoneka lopanikizika m'malo a masentimita 7 okha. Kupanikizikako sikofanana ponse. Pakati, pamene payang'anizana ndi inu, zinthu zimaoneka pafupifupi mmene zilili. Kumbali, pamene botolo likukhotera kumbuyo, zimafinyika kwambiri.

Lebulo yathu ya masentimita 8 ikamatidwa, imaoneka ngati ya masentimita 6.4. Masentimita 4 a pakati amaoneka ngati 3.8, kusintha kochepa. Koma masentimita 2 a kumanzere ndi 2 a kumanja amaoneka ngati 1.3 mbali iliyonse. Kutalika sikusintha, kumakhalabe 6. Mukafuna kutsimikiza, tengani botolo lanu, muliike patebulo, muimike rula patsogolo pake mutatsinzina diso limodzi.

Cholakwika chofala ndi kungogwira lebulo yonse n'kuifinya mofanana kuchoka pa 8 kufika pa 6.4. Dzina la pakati limaonda, logo yozungulira imasanduka dzira, ndipo m'mbali simuoneka kukhota kulikonse.

Chithunzi changa chinali cha mapikiselo 1080 chopingasa ndi 1350 choimirira, botolo litatenga mapikiselo 900 kutalika. Kugawa 900 ndi 11 kukupereka pafupifupi mapikiselo 82 pa sentimita iliyonse. Choncho lebulo inayenera kukhala mapikiselo 490 choimirira ndi 520 chopingasa. Ndinaidula m'zigawo zitatu zoimirira, cha masentimita 4 pakati ndi za masentimita 2 mbali iliyonse. Chapakati ndinachipatsa mapikiselo 310, zam'mbali 105 chilichonse, n'kuzilumikizanso kukhala leya imodzi. Podula, yesetsani kuti mzere wodulira usadutse pakati pa logo kapena pa chilembo chachikulu. Ngati mawu anu afika mpaka m'mphepete, dulani zigawo zisanu kuti kufinyika kuzipita pang'onopang'ono. Amene ali ndi Photoshop yatsopano ali ndi mwayi, pa `Warp` pali `Cylinder` imene imachita zonsezi yokha.

Kenako pindani pang'ono kuti mizere ya m'mwamba ndi m'munsi itsate pepala loyera:

```
Edit > Transform > Warp
Style: Arch
Bend: -5
```

Nambala ya `Bend` muisinthe mukuyang'ana m'mphepete mwa pepala loyera lija, mpaka mizere igonerane. Kuti muone bwino, chepetsani kaye `Opacity` ya lebulo kufika pa 50 kuti izionekera mkati, mukamaliza muibwezere pa 100. Ikakhala pamalo pake, sinthani leya kuchoka pa `Normal` kupita pa `Multiply`. Nthawi imeneyi ndi imene ndimaikonda pa ntchito yonseyi. Mlimi amene anabwera m'malo mwa gulu, bambo wachikulire ndithu, anali ataima kumbuyo kwanga chipewa chili m'manja. Mthunzi utangolowa mu lebulo anawerama, n'kuloza sikirini ndi chala, amvekere, "Mwana wanga, limeneli ndiye botolo lathu."

Ndachita zonsezo koma ikuonekabe yomata. Chatsala n'chiyani?

Kawirikawiri ndi kuthwa. Lebulo yochokera m'kompyuta imakhala yakuthwa kwambiri, pomwe chithunzi cha botolo ndi chofewa pang'ono ngati chojambulidwa ndi kamera. Pitani pa `Filter > Blur > Gaussian Blur` muike kanambala kakang'ono, pakati pa 0.3 ndi 0.6, kenako `Filter > Noise > Add Noise` pa 1 kapena 2. Mukapyola apo zilembo ziyamba kuvuta kuwerenga.

Chachiwiri ndi kuda kwa zilembo. Inki yakuda pa pepala lenileni siida bii ngati ya pa sikirini. Yang'anani malo akuda kwambiri m'chithunzi chonse, mwina pansi pa botolo. Zilembo zanu zisade kuposa pamenepo. Kutsitsa `Opacity` kufika pa 92 kapena 95 kumathetsa zimenezi.

Chachitatu, onani makona. Lebulo ikatulukira kunja kwa pepala loyera ngakhale pang'ono, kachigawo kotulukako kamadera chifukwa kagwera pa uchi, ndipo diso limakagwira msanga.

Timawu ting'onoting'ono sitikuwerengeka. Ndikulitse chithunzi?

Bwererani ku masamu aja. Ngati sentimita imodzi ndi mapikiselo 82, chilembo cha mamilimita 2 chili ndi mapikiselo 16 okha. Chimawerengeka movutikira, ndipo WhatsApp ikafinya chithunzi chimafufutika. Ngati mukufuna kukulitsa, kulitsani chithunzi cha botolo lopanda dzina kaye, lebulo isanaikidwe. Zida zokulitsira zithunzi za AI nazo zimajambulanso zilembo, ndiye mukakulitsa pambuyo, nambala ya foni ija isokonekeranso.

Komabe musadalire lebulo kuti ndiyo ipereke nambala kwa kasitomala. Ilembeninso payokha ndi zilembo zazikulu m'munsi mwa chithunzi. N'chifukwa chake ndimasiya malo pansi kapena pamwamba pa botolo posankha chithunzi.

Kodi kumeneku si kunamiza kasitomala?

Kutha kukhala kunamiza, ndipo ine ndinalakwitsapo. Ndikuyamba kumene, ndinakonzera munthu wina chithunzi cha uchi ndisanaone botolo lake. Makina anandipatsa botolo lagalasi la makona asanu ndi limodzi, chivindikiro chagolide, uchi wowala. Tonse tinasangalala. Patapita sabata, mayi wina amene anaitanitsa mabotolo angapo kuti akapereke mphatso analandira apulasitiki, uchi wakuda, n'kuwabweza. Uchiwo unali wabwino kwambiri, koma si umene anauona. Amene anataya ndalama ya thiransipoti ndi kasitomala wanga, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito botolo lenileni lisanafike patebulo panga.

Malire ake ndi awa. Tebulo, windo ndi zakumbuyo zitha kukhala zopeka. Koma botolo, chivindikiro, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake m'botolo ndi lebulo ziyenera kufanana ndi chimene munthu adzagwire m'manja. Ndipo popeza kuika lebulo pokonza chithunzi n'kosavuta, chiyeso chimabwera chowonjezerapo chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, chonsecho simunapatsidwe. Zimenezo ndimakana, ngakhale munthu atandichonderera kuti mapepala ali m'njira. Chimene sichili pa lebulo yosindikizidwa chisapezeke pa chithunzi.

Nanga mapaketi a ufa wa soya kapena tchipisi ta mbatatesi?

Malangizo ndi omwewo, mungosintha chinthucho, mwachitsanzo `blank white matte stand-up pouch, front view`. Paketi siifuna masamu a kuzungulira aja poti kutsogolo kwake n'kwafulati, koma ili ndi makwinya. Pemphani makwinya ochepa, `smooth front, few creases`, chifukwa `Multiply` imalowetsa mthunzi wa khwinya koma siipinda zilembo kuti zitsate khwinyalo. Ngati paketi yanu ndi ya pepala lofiirira yokhala ndi sitika, pemphani paketi yofiirira yokhala ndi sitika yoyera, osati paketi yoyera.

Ndilibe kompyuta, ndili ndi foni yokha. Zitheka?

Kupempha chithunzi kumatheka bwinobwino pa foni. Kuika lebulo kumathekanso ngati pulogalamu yanu ili ndi maleya ndi `Multiply`, monga PicsArt. Photopea nayo imatseguka pa foni, kungoti mabatani ake ndi aang'ono kwa chala. Chovuta ndi kudula zigawo zitatu zija molondola. Ngati katundu wanu ali m'paketi, m'bokosi kapena m'botolo la mbali zafulati, foni ikukwanirani. Ngati ndi botolo lozungulira ndipo lebulo ikufika m'mbali, pitani ndi mafayilo anu awiri kwa amene ali ndi kompyuta.

Ndikamaliza ndisunge chiyani?

Zinthu zinayi: malangizo amene munalemba, chithunzi cha botolo lopanda dzina monga chinatulukira, fayilo ya lebulo, ndi fayilo ya maleya. Yomalizayi mu Photopea mumaisunga ndi `File > Save as PSD`. Yotumiza kwa anthu ndi ina, ya JPG kapena PNG, yochokera pa `File > Export as`.

Chithunzi cha botolo lopanda dzina musachitaye poganiza kuti mudzapempha china. Malangizo omwewo mukawalembanso mawa, botolo lidzatuluka losiyana. Alimi a ku Linthipe atasintha nambala ya foni, ndinangotsegula PSD ija, kuchotsa leya ya lebulo yakale, kudula yatsopano m'zigawo zitatu zija n'kuzifinya pa mapikiselo 105, 310 ndi 105, n'kuiika pomwe panali inzake. Bambo aja anadikira pa benchi panja, ndipo anakwera minibasi yobwerera dzuwa lisanapendeke.